Kukonza mawu apansi pa filimu musanaitumize ku chikondwerero cha kunja

Musayambe kulemba mawu omasulira apansi pa filimu yanu yaifupi musanamalize kuidula ndi kuilumikiza, chifukwa mukadzachotsa masekondi atatu okha koyambirira, mizere yonse yotsatira idzayamba kuoneka mochedwa. Zikondwerero zambiri zimalandira mawuwa mu fayilo ya SRT, imene mungaikonze ndi pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit. Chigawo chilichonse chimakhala ndi nambala, nthawi yolowera ndi yotulukira, kenako mawuwo:

```
14
00:02:10,400 --> 00:02:13,900
You never spoke to me like this
when Father was alive.
```

Mizere isapose iwiri, ndipo mzere umodzi usapitirire zilembo 42. Ambiri amawerengera kuti woonera amawerenga zilembo pafupifupi 17 pa sekondi, choncho mawu ali pamwambawa, a zilembo zoposa pang'ono 50, akufunika masekondi atatu kapena kuposerapo. Ngati wosewera walankhula mofulumira, fupikitsani kumasulirako, musathinitse nthawi. Posunga fayilo sankhani UTF-8, apo ayi chilembo ngati ŵ chidzasanduka zizindikiro zosawerengeka.

Vuto limene limapweteka ambiri ndi la liwiro la zithunzi. Tiyerekeze kuti filimu ya mphindi 15 munaijambula pa mafulemu 25 pa sekondi, koma DCP, yomwe ndi kope la filimu lokaonetsa m'holo, yakonzedwa pa 24 popanda kuchotsa fulemu iliyonse. Filimuyo imatalika ndi masekondi oposa 37. Mudzazindikira vutoli mukaona kuti mawu akugwirizana ndi milomo koyambirira, koma akunka natsogola mpaka kumapeto. Mankhwala ake ndi kusintha liwiro la fayilo yonse mu pulogalamu ija, osati kusuntha mizere umodziumodzi.

Chimene ndimachitsindika kwambiri ndi ndandanda ya zolankhula, pakuti anthu amailemba mothamanga usiku womaliza. Ku zikondwerero ngati cha Clermont-Ferrand ku France, filimu imamasuliridwanso m'chinenero cha komweko, ndipo womasulirayo, amene Chichewa sachidziwa, amadalira pepala lanu. Pa mzere uliwonse lembani nthawi, dzina la wolankhula, mawu ake enieni a Chichewa, kumasulira kwathunthu kwa Chingerezi kosafupikitsa, ndi ndemanga pamene pakufunika. Musaiwale nyimbo, mawu a pa wailesi ndi zolembedwa pa zikwangwani.

Taganizirani mwana wamkazi amene wakhala akunena kuti "inu" kwa mayi ake omupeza, kenako pa mkangano n'kunena kuti "iwe". M'Chingerezi zonsezi ndi liwu limodzi, ndipo chipongwecho chimazimiririka, pamene Chifalansa chimasiyanitsa mawu aulemu ndi achizolowezi monga timachitira ife. Mukalemba ndemanga yoti apa mwanayo wataya ulemu, womasulira adzasankha liwu loyenera.

Konzani makope awiri a filimu, ina yokhala ndi mawu omatidwa pa chithunzi yoti osankha mafilimu aonere, ina yopanda mawu yopita limodzi ndi SRT, kenako werengani malamulo a chikondwererocho kuti mudziwe imene akufuna.