Musagule tikiti yobwerera ku Lusaka satifiketi isanatuluke

Anzanga amene muli kunja, chimene chimasowetsa mtendere anthu obwerera kuno ndi mapepala. Digiri ya kunja imayenera kudutsa ku ZAQA, bungwe la boma loona za ziyeneretso za maphunziro, kuti aitsimikize ndi kunena mlingo wake pa maphunziro a ku Zambia, ndipo olemba ntchito ambiri, makamaka boma, amafuna kuona chikalata chochokera ku ZAQA.

Tiyerekeze mwamaliza masitazi ku Britain mu Seputembala. Nthawi zambiri zotsatira zimabwera patapita miyezi, satifiketi n'kudzatsatira pambuyo pake. Mukakwera ndege msanga, mudzangokhala pakhomo pa makolo ku Chelstone mukuonerera ntchito zikudutsa. Dikirani satifiketi yeniyeni ndi chikalata cha magiredi ngati viza ikulola, muonenso kuti maina alembedwa monga alili pa NRC, poti chilembo chimodzi chikasiyana zinthu zimachedwa. Mukadali komweko ofesi ya yunivesite ili pafupi, koma muli kuno imelo ingagone milungu osayankhidwa.

Madokotala, lembetsaninso ku HPCZ, mainjiniya ku EIZ. Pofunsidwa za ntchito, musachulukitse zakuti "kunja timachita chonchi". Tchulani ntchito imodzi imene munagwira ndi manja anu, mufotokoze momwe ingayendere kuno magetsi akathima.