Momwe mungakonzere chiganizo chonena za ntchito yanu musanatumize kalata yofunsira ntchito

Kalata zofunsira ntchito kuno kwathu timalemba m'Chingerezi, ndipo chiganizo chomwe chimagwetsa ambiri ndi chija chonena za maphunziro ndi ntchito imene munagwirapo. Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa ku Lizulu, ku Ntcheu, akufunsira ntchito ya ukalaliki, tsiku lotsekera ndi lero, ndipo ali pa kompyuta yolipira pa boma. Walemba motere:

"Am a holder of MSCE and have been working as a sales clerk since three years at a agro-dealer shop in Lizulu, where I was correcting cash."

Pongoyang'ana chikuoneka bwinobwino, koma muli zolakwika zingapo, ndipo zambiri mwa izo kompyuta siingakuuzeni.

Yambani ndi kufunsa kuti akuchita ntchitoyo ndani. M'Chichewa tikati "ndili", mwininkhani ali kale m'kati mwa mneni, n'chifukwa chake dzanja limathamangira kulemba "Am" pa yekha monga timachitira pa WhatsApp. Chingerezi cha m'kalata sichilola zimenezo, pamafunika "I am". Koma apa ndi bwino kungofupikitsa kuti "I hold an MSCE".

Chachiwiri, ndipo apa mudekhe, dzifunseni ngati ntchitoyo mukuigwirabe kapena munasiya. Mawu oti "have been working" akutanthauza kuti munayamba kale ndipo mpaka lero mudakali pompo. Ngati ndi choncho, mneni wa kumapeto asakhale wa kale: "I was" akuuza bwana kuti zinatha, pamene koyambirira mwanena kuti mudakali pa ntchito. Wowerenga sadziwa chokhulupirira. Ngati munasiya, sinthani chiganizo chonse chikhale "I worked as a sales clerk from 2021 to 2024", ndipo zaka zimenezi zifanane ndendende ndi zomwe zili pa CV yanu. Kalata ikati zaka zitatu, CV n'kumaonetsa ziwiri, olemba ntchito saganiza za galamala, amaganiza kuti mwanama.

Kenaka onani mawu otsogolera nthawi. "Since" amafuna poyambira, monga chaka kapena mwezi: "since 2022". "For" amafuna kutalika kwa nthawi: "for three years". Njira yachidule ndi kuliika m'Chichewa mumtima. Ngati mukunena kuti "kuyambira", lembani "since". Ngati mukunena kuti "kwa zaka zakutizakuti", lembani "for".

Za "a" ndi "an" musayang'ane chilembo, mverani khutu. MSCE ikuyamba ndi M, koma potchula timayamba ndi "em", choncho ndi "an MSCE". Chimodzimodzi "an agro-dealer".

Tsopano cholakwika choopsa kwambiri pa zonsezi. Kwa ife "l" ndi "r" zimamveka ngati chimodzi, kotero mtsikanayu walemba "correcting cash" pofuna kunena "collecting cash". M'malo monena kuti amalandira ndalama kwa ogula feteleza ndi mbewu, wanena kuti amakonza ndalamazo, zomwe sizikumveka konse, mwinanso zingam'kayikitse. Mu Microsoft Word, kamzere kofiira kamangobwera pansi pa mawu omwe mulibe m'dikishonale, monga "crerk" kapena "writting". "Correcting" ndi liwu lenileni, choncho limadutsa. Apa chothandiza ndi kuika chala pa liwu lililonse lokhala ndi "l" kapena "r" n'kudzifunsa tanthauzo lake. Muonenso kuti chilankhulo chasankhidwa English (United Kingdom) pa Review, Language, Set Proofing Language, chifukwa makompyuta ambiri a m'makafe amakhala pa Chingerezi cha ku Amereka ndipo amatsutsa "organise" kapena "programme" zomwe zili zolondola kuno.

Chiganizo chija chikakonzedwa chikhala chotere:

"I hold an MSCE and have been working as a sales clerk for three years at an agro-dealer shop in Lizulu, where I collect cash and record sales."

Chiwerengeni mokweza kamodzi, pang'onopang'ono, ngakhale anzanu a pa kafe akuyang'aneni. Ngati mpweya ukukutherani musanafike pa mpumiro, chiduleni pakati zikhale ziganizo ziwiri.

Mukamaliza, sungani kalatayo ngati PDF ndipo muitsegule kaye musanaiphatikize ku imelo. Zimachitika kawirikawiri kuti munthu wakonza zonse koma n'kutumiza fayilo yakale ija, yomwe idakali ndi "Am" poyambirira. Fayilo yokonzayo muipatse dzina lina, lokhala ndi dzina lanu ndi la ntchitoyo, ndipo yakaleyo muifufute pa kompyuta ya eni ake musanadzuke.