Momwe mungauzire wolemba ntchito za notisi yanu ndi tsiku loyamba popanda kumukayikitsa

Intaviyu yayenda bwinobwino, kenako akufunsa kuti kodi mungayambe liti, inu n'kuyamba kudodoma, "aaa mwina mwezi wamawa, kaya, ndiona kaye abwana." Apa ndi pomwe chikayiko chimabadwa. Kutalika kwa notisi si kumene kumavuta kwenikweni, chovuta n'chakuti mukuoneka ngati simudziwa kontirakiti yanu yomwe, kapena simunatsimikize zochoka.

Choyamba, tsegulani kontirakiti musanayankhule ndi aliyense. Osadalira zomwe mnzanu wa muofesi anakuuzani, iye mwina analembedwa pa giredi ina. Pezani ndime ya kusiya ntchito muwerenge mawu ake enieni, chifukwa "masabata anayi", "masiku 30" ndi "mwezi umodzi wa pakalendala" si chinthu chimodzi ayi. Makontirakiti ena amati notisi imayamba kuwerengedwa pa 1 mwezi wotsatira, ngakhale kalata mwapereka pakati pa mwezi. Ngati mukadali pa pulobeshoni onaninso, nthawi zambiri notisi yake imakhala yaifupi.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya, notisi siyamba tsiku la intaviyu. Imayamba tsiku lomwe mwapereka kalata yosiya ntchito, ndipo kalatayo simupereka mpaka mutagwira ofa yolembedwa m'manja, osati ya pafoni ija yoti "mwakhoza, dikirani." Ndiye tsiku lanu loyamba limangirireni ku ofayo.

Tiyerekeze kuti ofa yabwera Lachisanu pa 6 Juni, mwasaina, Lolemba pa 9 Juni mwapereka kalata kwa abwana. Ngati notisi ndi mwezi umodzi kuchokera tsiku lopereka, mumaliza cha pa 9 Julayi, lomwe ndi Lachitatu, ndiye nenani kuti muyamba Lolemba pa 14 Julayi, timasiku totsalato tikuthandizani kubweza katundu wa kampani ndi kupumako pang'ono. Koma ngati kontirakiti ikuti notisi imayamba pa 1, ndiye kuti muwerenga Julayi yense mpaka pa 31, kuyamba kwanu n'kukhala Lolemba pa 4 Ogasiti. Mwaona? Masabata atatu athunthu kusiyana kwake, chifukwa cha kachiganizo kamodzi komwe simunawerenge, ndipo kuwaimbiranso foni kuti pepani ndinalakwitsa deti mutalonjeza kale, izo ndiye zimawatembenuza mtima.

Chachitatu, nenani zonse kamodzi, mwachidule. Mwachitsanzo: "Notisi yanga ndi mwezi umodzi malinga ndi kontirakiti. Ndikalandira ofa yolembedwa pofika pa 6 Juni, ndikhoza kuyamba pa 14 Julayi. Ikachedwa ndi sabata, tsiku loyambalo lisunthanso ndi sabata." Basi, thimani pamenepo. Osapepesa, osayamba kufotokoza mavuto a kuntchito kwanu.

Akakupanikizani kuti tikufuna munthu msanga, musalumphe n'kunena kuti palibe vuto ndingochokapo mawa. Ine ndikanakhala wolemba ntchito ndikanadzifunsa kuti munthu wothawa ntchito chonchi, nafenso sadzatisiya m'malere? Komanso kuchoka osamaliza notisi n'kuphwanya kontirakiti, mukhoza kuuzidwa kulipira masiku otsalawo, ndipo abwana akalewo mudzawafunabe tsiku lina kuti akuchitireni umboni. Yankho labwino ndi loti: "Tsiku lotsimikizika ndi 14 Julayi. Ndili ndi masiku asanu a tchuthi omwe sindinatenge, ndikapempha kuti awachotsere pa notisi, akalola ndiyamba pa 7 Julayi, ndipo ndikuuzani yankho sabata yomweyo yopereka kalata." Tsiku lamsangalo litchuleni ngati pempho, chifukwa wovomereza ndi abwana anu, si inu.

Za notisi yaitali, tinene miyezi itatu, itchuleni pa foni yoyamba yomweyo. Ena amabisa poopa kuti achotsedwa pamndandanda, koma ikatulukira pa nthawi ya ofa imaoneka ngati chinyengo. Chimodzimodzi ulendo kapena mayeso omwe munakonza kale m'masabata oyamba a ntchito yatsopano, nenani pomwe mukukambirana za tsikulo.

Ngati pakadali pano simuli pa ntchito, "nthawi iliyonse" si yankho, perekani deti, monga Lolemba lotsatira mukasaina.

Pomaliza tumizani imelo yaifupi tsiku lomwelo, mulembemo kutalika kwa notisi, tsiku lomwe mukuyembekezera ofa ndi tsiku loyamba. Wolemba ntchitoyo naye amakapereka uthengawo kwa manijala amene akufuna munthu, ndiye akhale ndi manambala ofanana ndi omwe munalemba pa fomu komanso omwe munanena pakamwa.