Windows ikakana kuinstola chilichonse ikulemba 1618, chitani izi

Sabata yatha mnzanga wa kashopu ka fotokope ku Ulongwe anandiimbira ali wokhumudwa, magetsi anathima akuika dalaivala wa pulinta, atayaka kompyuta ikungokana pulogalamu iliyonse ikulemba 1618. Anali atatsala pang'ono kulipira munthu kuti aifomate. Ayi ndithu, vutoli silofomatira.

Windows Installer, sevisi ya Windows yomwe imainstola mapulogalamu, imagwira ntchito imodzi pa nthawi, ngati chigayo, thumba lina likulowa enanu mumadikira pamzere. Ndiye 1618, kapena 1500 pa mauthenga ena, ikutanthauza kuti pali kuinstola kwina komwe sikunathe. Musaisokoneze ndi 1601, iyo imati sevisiyo siikupezeka n'komwe, kapena 1619 yomwe imati fayilo ya .msi siikutseguka, imeneyo ingodaunilodaninso.

Choyamba musathamangire kupha kanthu. Dinani Ctrl+Shift+Esc, Task Manager itseguke (makompyuta ambiri kuno ku Mozambique ali m'Chipwitikizi, mupeza Gestor de Tarefas), pa Details fufuzani msiexec.exe, ndiyo Windows Installer imeneyo. Ngati manambala a CPU akusinthasintha ndiye ikugwiradi ntchito, mwina pulogalamu ina ikudziapudeta chakumbuyo, ipatseni mphindi 15. Mukaidula pakati mutsala ndi pulogalamu yolowa theka ndipo imeneyo imavuta kuchotsa kuposa vuto munali nalo poyamba. Ikakhala pa 0 nthawi yonseyo, yaima.

Yesani kaye Restart, osati Shut down, chifukwa pa Windows 10 ndi 11 Shut down imasunga zina osazitsekeratu. Zikakanabe, sakani cmd, dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Run as administrator kapena Executar como administrador, mulembe mzere umodziumodzi:

```
taskkill /f /im msiexec.exe
msiexec /unregister
msiexec /regserver
net start msiserver
```

Woyamba ukupha yoima ija, awiri apakati akulembetsanso sevisiyo ndipo saonetsa uthenga uliwonse choncho musadandaule, womaliza ukuidzutsa. Mukaona Access is denied ndiye simunatsegule ngati administrator.

Kwa mnzanga uja zinakanabe, chifukwa magetsi anasiya chizindikiro chakuti ntchito ili mkati. Tinatsegula regedit, pulogalamu yosinthira masetini a mkati mwa Windows, n'kupita apa:

```
HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Installer\InProgress
```

Apa chonde samalani, dinani kumanja pa InProgress musankhe Export kaye musunge kope, kenako mufufute InProgress yokhayo, Installer yonse musaigwire. Ngati InProgress palibe musapange kanthu, vuto silili pamenepo. Tinachita Restart, tinachotsa dalaivala wa theka uja ku Control Panel n'kuikanso, pulinta inayamba kutulutsa mapepala madzulo omwewo.

Ikasintha n'kuyamba kulemba 1603 ndiye mzere watseguka koma pulogalamuyo payokha ikulephera, onani ngati disiki C ili ndi malo komanso ngati yakale ija inachokadi.