Zidendene zong'ambika: Vaselini ku phazi, shiya ku chigongono

Nyengo ya fumbi ndi mphepo kuno ku Lilongwe, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, zidendene zimang'ambika ngati dothi la m'dambo. Ambiri timalakwitsa popaka Vaselini paphazi louma. Vaselini sabweretsa chinyontho, amangotsekera chomwe chili kale pakhungu.

Madzulo viikani mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10. Kwechani pang'ono ndi mwala pochotsa khungu lakufa lokha, musamafike popweteka, ndipo lezala ayi ndithu. Pukutani koma phazi lisaumiretu, pakani Vaselini wambiri mpaka alowe m'ming'alu, valani masokosi a thonje n'kugona. Ine ndinkapaka m'mawa n'kuvala patapata. Pofika ku Area 25 fumbi lonse linali litamata kuphazi, ming'alu ili bii.

Mafuta a shiya, omwe pa Chingerezi amati shea butter, ndi abwino kuzigongono zotuwa chifukwa amalowa m'khungu n'kulifewetsa, sanyezimira kwambiri. Tengani kochepa ngati njere ya nyemba, sungunulani m'manja, pakani mukangosamba. Pachidendene chong'ambika kwambiri paokha sakwanira. Yambani ndi shiya, Vaselini pamwamba.

Mng'alu ukamatuluka magazi kapena mafinya, kapena ngati muli ndi matenda a shuga, musakweche, pitani kuchipatala.