Momwe mungapewere kumwetsa mwana mankhwala ogonetsa pa mlingo wa munthu wamkulu

Makolo ambiri amadziwa kuti piritoni amagonetsa, ndiye mwana akavuta usiku, kapena kukakhala ulendo wautali wa pabasi, ena amangomumwetsa kuti pakhale bata. Piritoni sanapangidwire zimenezo. Ndi mankhwala a ziwengo ndi kuyabwa, ndipo tuloto timabwera chifukwa mankhwalawo amakafika mu ubongo. Ana ena sagona n'komwe, m'malo mwake amabalalika n'kuyamba kulira mosatonthozeka, kholo n'kuwonjezera wina poganiza kuti woyamba uja wachepa. Fenegani, mankhwala ena a ziwengo amene nawonso amagonetsa, ndiye woopsa kwambiri: saloledwa kwa mwana wosakwana zaka 2 chifukwa amatha kufooketsa kupuma mpaka mwana kumwalira ali m'tulo. Dayazepamu, mankhwala amphamvu ogonetsa, musamuganizire n'komwe pokhapokha adokotala atalemba.

Choyamba, fufuzani chimene chikumulanda tulo mwanayo. Mugwireni ngati watentha thupi, onani ngati akukoka khutu, akukanda kapena ali ndi njala. Ngati watentha thupi, kayezetseni malungo. Kugona kwambiri ndi kufooka ndi zina mwa zizindikiro zimene achipatala amadziwira malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi, choncho mwana amene mwamugonetsa dala mwabisa chizindikiro chimene chikanakuthamangitsani kuchipatala.

Chachiwiri, ngati achipatala alembadi piritoni chifukwa cha ziwengo, funsani mlingo wake ndipo ulembedwe pabotolo. Apa ndi pamene zinatisokonekera kwathu, ndiye ndifotokoza mofatsa.

Piritsi limodzi la piritoni limakhala ndi mamiligiramu 4, ndipo umenewo ndi mlingo wa munthu wamkulu. Mwana wa zaka 2 mpaka 5 amapatsidwa miligiramu imodzi yokha pa nthawi. Piritoni wamadzi nthawi zambiri amakhala ndi mamiligiramu 2 m'mamililita 5, kutanthauza kuti mwana woteroyo amamwa mamililita 2.5. Wathu, wa zaka 3, anatuluka zidzolo zoyabwa ndipo anamulembera wamadziyu. Botolo litatha ife tili kuntchito, amene anatsala naye anakagula mapiritsi pagolosale, n'kuona kuti kapiritsi kake n'kakang'ono, n'kumumwetsa konse. Umenewo unali mlingo wake kuchulukitsa kanayi. Tinamupeza nkhope itafiira, milomo itauma, akuyankhula zosamveka, mtima ukugunda mothamanga. Anachira atamuona kuchipatala, koma amene anamumwetsayo analibe cholinga choipa: panalibe amene anamuuzapo kuti kuchepa kwa piritsi sikuchepa kwa mphamvu yake.

Ena amati angolidula panayi. Piritsi laling'ono chonchija limangophwanyika, chidutswa china n'kukula kuposa chinzake. Ndikudziwa kuti mapiritsi ndi otchipa kuyerekeza ndi botolo, ndipo n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma kwa mwana wamng'ono gulani wamadzi kufamase yovomerezeka. Mapiritsi ogulitsidwa limodzilimodzi pamsika, opanda paketi, simungadziwe mphamvu yake kapena tsiku lothera ntchito, ndipo wogulitsayo safunsa kuti womwa ali ndi zaka zingati.

Chachitatu, yezani ndi sirinji yopanda singano kapena kakapu kobwera ndi botolo. Masipuni a kukhitchini amasiyana kukula, ndipo yaikulu ija imalowa pafupifupi mamililita 15, yomwe kwa mwana wa zaka 3 ndi milingo isanu ndi umodzi pakamodzi. Yatsani nyali poyeza. Werenganinso botolo la mankhwala a chifuwa ndi chimfine, chifukwa ambiri amakhala kale ndi mankhwala a mtundu wa piritoni m'kati, ndiye mukaphatikiza ziwirizo mwamupatsa kawiri.

Chachinayi, womwetsa akhale mmodzi, ndipo azilemba nthawi. Timapepala ta pulasitiki ta kuchipatala timafanana, choncho lembani dzina pa kalikonse ndipo ta akuluakulu tisungidwe kwina, pamwamba.

Ngati zachitika kale, musadikire kuti atulutse thukuta kapena kuti kuche. Musamusanzitse ndipo musamukakamize mkaka ali ndi tulo, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, tengani paketi kapena botolo, pitani kuchipatala ndipo mukanene zoona: wamwa chiyani, zochuluka bwanji, nthawi yanji. Kupuma pang'onopang'ono, kusadzuka mukamugwedeza kapena kukomoka ndiye kuti ndi zamwadzidzidzi, musaime pamzere.

Ngati mwana sakudwala koma tulo ndiye tikuvuta, mumusambitse ndi kumugoneka nthawi yofanana tsiku lililonse, asagone kwambiri madzulo, asamwe tiyi kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi usiku, ndipo foni ichoke m'manja kukada. Zikapitirira milungu ingapo, kafotokozeni kusikelo.