Momwe mungafotokozere dzanja logwira botolo kuti chithunzi cha malonda anu chioneke chenicheni

Ogulitsa ambiri ku Salima kuno ayamba kupanga zithunzi zotsatsira malonda ndi mapulogalamu a AI, amene umawalembera mawu n'kukutulutsira chithunzi. Nkhope imatuluka bwino, chitenje bwino, nyanja ya ku Senga Bay kumbuyo ili mbee, koma pakafika pa dzanja zinthu zimasokonekera. Zala zimatuluka 6, kapena chala chalowa m'kati mwa botolo, kapena botolo la theka la lita lakula ngati chigubu. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamuyo sidziwa katundu wanu. Idaphunzira pa zithunzi zambirimbiri momwe manja amaoneka aang'ono, opindika mosiyanasiyana, ndipo zala zina zimakhala zobisika. Mukangolemba kuti mayi wagwira botolo, kagwiridwe ndi kukula kwa botolo imangopenekera yokha. Ntchito yanu ndi kuichotsera mpata wopenekerawo.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto: mayi wogulitsa chakumwa cha malambe pa Kamuzu Road, m'mabotolo apulasitiki a mamililita 500, akufuna chithunzi choika pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Choyamba: yezani katundu ndi dzanja lanu

Musanalembe liwu lililonse, bwerekani tepi kwa telala kapena rula ya mwana wasukulu. Tinene kuti botolo la mayi uja lapezeka lalitali masentimita 21, ndipo m'mimba mwake ndi masentimita 6 ndi theka. Kenaka yezani chikhatho chanu mopingasa, pamene zala zinayi zimayambira. Kwa munthu wamkulu pamakhala masentimita pafupifupi 8. Ndiye kuti botololi ndi lalitali ngati zikhatho ziwiri ndi theka zosanjikizana.

Muyeso wa zikhathowu ndi umene mudzalembe. Manambala a masentimita pulogalamu imatha kuwawerenga koma osawatsatira, chifukwa m'chithunzi mulibe rula. Chimene chilimo ndi dzanja, choncho kukula kwa chinthu kumamveka bwino mukakuyerekeza ndi dzanjalo. Yezaninso kuzungulira: botolo la m'mimba mwa masentimita 6 ndi theka limazungulira masentimita pafupifupi 20, ndipo pa dzanja la mayi, chala chachikulu ndi nsonga za zala zinazo kawirikawiri sizikumana, pamatsala kampata. Mukadzaona chithunzi chimene zala zazungulira mpaka kupitirirana, dziwani kuti botolo lachepetsedwa kapena zala zatalikitsidwa.

Chachiwiri: gwirani botolo, wina akujambuleni

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri amalemba zimene akuganiza, osati zimene diso limaona. Dzazani botolo, muligwire ndi dzanja lamanja monga mmene mumachitira mukafuna kumwa, ndipo mnzanu aime patsogolo panu akujambuleni ndi foni. Aime patali pang'ono, mapazi atatu kapena anayi, chifukwa kamera ya foni ikayandikira kwambiri imakulitsa chimene chili pafupi nayo, dzanja n'kuoneka lalikulu kuposa nkhope. Musadzijambule nokha ndi kamera yakutsogolo, popeza mafoni ambiri amatembenuza chithunzi, lamanja n'kuoneka ngati lamanzere.

Tsopano werengani zala pa chithunzicho. Mupeza kuti zikuoneka zinayi zokha, zitapingasa kutsogolo kwa botolo, chala cha mkombaphala pamwamba, chaching'ono pansi. Chala chachikulu sichikuoneka, chili kuseri, kumbali ya chifuwa chanu. Mupezanso kuti dzanja lanu lamanja lili kumanzere kwa chithunzi. Koma wojambula akaima kumbuyo kwa phewa lanu n'kujambula zimene inu mukuona, zinthu zimasinthana: chala chachikulu ndicho chili poyera, ndipo za zala zinazo mumangoona nsonga zitasuzumira m'mphepete mwa botolo.

Ndiye musalembe kuti zala zonse zisanu zioneke. Mukatero mwapempha chinthu chimene dzanja lenileni silichita pogwira botolo ngati wofuna kumwa, kamera ili kutsogolo, ndipo pulogalamu poyesa kukumverani imaika chala chachikulu pamalo pamene sichingafike, kapena imawonjezera china. Nenani kumene kamera yaima, zala zimene zikuoneka ndi chimene chabisika.

Palinso nkhani ya pepala la dzina la malonda anu. Nthawi zambiri limamatidwa pakati pa botolo, pomwe dzanja limagwira. Njira zilipo ziwiri. Mutha kunena kuti dzanja lagwira m'munsi mwa botolo, dzina n'kuonekera pamwamba pa zala, ndipo izi zimaoneka ngati munthu amene akumwadi. Kapena munthuyo atembenuzire chikhatho ku kamera, botolo lili kutsogolo kwake, chala chachikulu m'mphepete imodzi ndi nsonga za zala zinayi m'mphepete inayo. Kagwiridwe kachiwirika n'ka munthu woonetsa malonda, osati wogwiritsa ntchito. Ine ndimakonda koyamba, chifukwa wogula amafuna kudziona yekha ali ndi botolo m'manja.

Chachitatu: kulemera kuonekere

Botolo lodzaza la mamililita 500 limalemera theka la kilogalamu ndi kupitirira pang'ono. Kulemera kotereku dzanja limachita kufumbata: chikhatho chimakhudza botolo, zala zimagundana, ndipo chigongono chimakhala chopindika pafupi ndi nthiti. Chithunzi chimene botolo lodzaza lili pa nsonga za zala ziwiri chimaoneka chabodza ngakhale kwa munthu amene sangathe kunena cholakwika.

Katundu wina amafuna kagwiridwe kena, ndipo liwu limodzi loti kugwira silokwanira. Kapaketi kakang'ono ka mchere kamatsinidwa ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Chigubu cha malita 5 chimakolekedwa pa zala zinayi, mkono uli wowongoka kuloza pansi, phewa litatsika pang'ono. Thumba la mpunga wa ku Nkhotakota la makilogalamu 5 limafuna manja awiri, lina pansi lina m'mbali, ndipo thumbalo limabonyoka pamene zala zakanikiza.

Chachinayi: lembani mwadongosolo, dzanja limodzi ntchito imodzi

Mapulogalamu ambiri amamva bwino Chingerezi kuposa Chichewa, choncho konzani maganizo anu m'Chichewa kenaka muwalembe m'Chingerezi chosavuta. Dongosolo lake likhale ili: munthu ndi kumene wayang'ana, dzanja liti, lagwira pati, zala zooneka ndi zobisika, kukula kwa chinthu poyerekeza ndi chikhatho, ndipo pomaliza dzanja linalo lili kuti. Kwa mayi wa malambe uja mawu ake angakhale awa:

```
Malawian woman facing the camera. Her right hand grips the lower
part of a full 500 ml plastic juice bottle at chest height.
Four fingers wrap across the front, thumb hidden behind the bottle.
The bottle is two and a half palm-widths tall.
Blank label visible above the fingers. Left hand out of frame.
```

Mawu omalizawo, otulutsa dzanja lamanzere kunja kwa chithunzi, musawanyoze. Dzanja limene simunalitchule pulogalamu imalipezera yokha chochita, ndipo zolakwika zambiri zimachokera kumeneko. Kulitulutsa kunja kwa chithunzi kumachepetsa ntchito ndi theka. Onaninso kuti sitinalembe mawu oletsa, monga akuti pasakhale zala zowonjezera. Mapulogalamu ena samva bwino kukana, amangotola dzina la chinthu chimene mwatchula. N'kwabwino kunena chimene mukufuna kuti chikhalepo.

Pepala la dzina tapempha kuti likhale lopanda zolemba mwadala. Zilembo zing'onozing'ono, makamaka za Chichewa ndi nambala ya foni, zimatuluka zopotoka kawirikawiri. Dzina lenileni mudzaliika nokha pambuyo pake. Ndipo ngati pulogalamu yanu imalola kuikamo chithunzi chotsatira, ikanimo chija anakujambulani mnzanu, chifukwa chimanena za kagwiridwe ndi kukula momveka kuposa mawu alionse.

Chachisanu: kulitsani chithunzi, muchifufuze

Pa foni chithunzi chaching'ono chimabisa zambiri. Chikulitseni mpaka dzanja lidzaze sikirini. Werengani zala, ndipo muone ngati chilichonse chikupindika pa mfundo zake, osati kukhota ngati nthochi. Ngati chala chachikulu chikuoneka, onani mbali imene chili: pa dzanja lamanja logwira botolo loimirira, chimakhala kumtunda, pamodzi ndi cha mkombaphala. Chikapezeka kumunsi ndiye kuti dzanja lamanzere lamera pa mkono wamanja.

Kenaka yang'anani pamene khungu lakumana ndi pulasitiki. Payenera kukhala kamthunzi kakang'ono pansi pa chala chilichonse, ndipo mzere wa botolo uzidutsa kuseri kwa zala n'kutulukira mbali inayo molunjika. Ukasweka, kapena pakakhala mpata wowala pakati pa chikhatho ndi botolo, botololo likuoneka loyandama. Onaninso khungu: kwa ife chikhatho ndi kunsi kwa zala kumakhala kowalirapo kuposa kuseri kwa dzanja, ndipo mapulogalamu ena amapaka mtundu umodzi ponseponse, kapena kupatsa mayi wakuda dzanja loyera kuposa nkhope yake. Mukaona zimenezi, wonjezerani mawu onena kuti khungu la dzanja lifanane ndi la nkhope.

Pomaliza bwererani ku muyeso uja. Ikani chala pa sikirini, muyeze kupingasa kwa chikhatho cha m'chithunzi, muone kuti kukulowa kangati m'botolo. Kukalowa kanayi m'malo mwa kawiri ndi theka, chithunzicho chikulonjeza botolo lalikulu kwambiri kuposa lanu. Musachitumize ngakhale chikongole bwanji. Wogula wa ku Dwangwa amene watumiza ndalama ataona botolo lalikulu, n'kulandira laling'ono pa minibasi, adzati mwamunamiza, ndipo adzakhala akunena zoona.

Likalakwika dzanja lokha, musataye chithunzi chonse. Mapulogalamu ambiri ali ndi njira yopaka malo amodzi n'kuwapanganso, imene pa sikirini imalembedwa kuti `inpaint` kapena `edit`. Pakani dzanja lonse pamodzi ndi mbali ya botolo imene lagwira, mpaka polumikizira mkono, osati chala chimodzi cholakwikacho, kuti pulogalamu ipeze malo okwanira omangira kagwiridwe konse mwatsopano. Polemba bwerezani mizere ya zala yokha.

Mukafuna chithunzi cha munthu akumwa kapena akuthira m'kapu, yambirani pa sitepe yachiwiri, chifukwa botolo likapendekeka zala zooneka zimasintha. Pa chithunzi chotero wonjezerani chofufuza chimodzi: pamwamba pa chakumwa m'botolo pazikhala pofanana ndi nthaka, osapendekeka pamodzi ndi botolo.